Mwana wa sukulu adziwe kuwerenga manambala a m'kabuku ka amayi ake

Pa sekondale ina kuno ku Kasungu, mtsikana wa Folomu 4 anapatsidwa mphindi zochepa kuti alankhule kwa anzake za matenda a bipi ndi shuga amene akuchuluka m'matauni. Sanayambe ndi mndandanda wa zakudya zoletsedwa. Anatenga choko n'kulemba pabolodi 168/102, kenako anafunsa kuti: "Anzanga, ndani wa inu angandiuze ngati mwini manambala awa ali bwino kapena ayi? Ndi a amayi anga, ndipo andilola kuti ndikuonetseni. Tsiku limene adokotala anawalemba m'kabuku kawo, amayi anali atachokera kumsika kogulitsa tomato, osamva kupweteka paliponse."

Makolo ena atamva sanakondwe. Akuti awa ndi matenda a akuluakulu, ana a zaka 17 ali ndi mayeso kutsogolo, bwanji kuwasenzetsa nkhawa za bipi? Ine ndikuti mtsikanayu anasankha bwino anthu owalankhula, anasankhanso bwino chowauza. Pali mfundo imodzi yokha imene ndikusiyana naye, ndipo ndifikapo.

Tiyambe ndi manambalawo, chifukwa nkhani yonse yagona pamenepo. Mtima ukamagunda umakankha magazi m'mitsempha, ukatero umapuma pang'ono usanagundenso. Nambala ya pamwamba imaonetsa mphamvu imene magazi amakankhira makoma a mitsempha pamene mtima wagunda, ndipo ya pansi imaonetsa mphamvu imene imatsala pamene mtima ukupuma. Munthu wamkulu amene ali bwino amapezeka cha m'ma 120/80. Ya pamwamba ikafika 140 kapena kuposa, kapena ya pansi ikafika 90 kapena kuposa, ndipo zikapezeka chomwecho pa masiku awiri osiyana, munthuyo ali ndi bipi. Sizilira kuti manambala onse awiri akwere. Imodzi yokha ndi yokwanira.

Tayala la njinga limene lapopedwa mopitirira limayenda bwinobwino, mwina kuposa lina, mpaka tsiku limene liphulika pamalo pofooka. M'thupi malo ofookawo ndi mitsempha ing'onoing'ono ya mu ubongo, m'impso ndi m'maso, komanso mtima weniweniwo umene umatopa ndi kukankha molimba zaka ndi zaka. Zotsatira zake timaziona m'makomo mwathu: bambo amene anadzuka pakamwa patapindika, dzanja ndi mwendo wa mbali imodzi zitafa, mayi amene miyendo yatupa ndipo akubanika akagona chagada. Impso zikafa, makina otsuka magazi m'zipatala za boma munthu amakawapeza m'zipatala zazikulu zochepa chabe, monga ku Chipatala Chachikulu cha Kamuzu ku Lilongwe kapena ku Gulupu ku Blantyre, ndipo sapitako kamodzi, ndi ulendo wa sabata ndi sabata. Wa ku Santhe kapena ku Nkhamenya angakwanitse kwa miyezi ingati?

Chimene chimatipusitsa n'chakuti zaka zonse zimene mitsempha ikuwonongeka munthu samva kanthu. Ambiri timadikira mutu, chizungulire kapena kugunda kwa mtima, ndiye tikakwiya timati bipi yakwera, tikaseka timati yatsika. Koma anthu ambiri a bipi alibe chizindikiro chilichonse, ndipo ambiri a mutu alibe bipi. Thupi silinena. Amanena ndi makina.

Umboni wake ulipo, ndipo ndi wa kwathu konkuno. Pakati pa 2013 ndi 2016 bungwe lofufuza za umoyo la MEIRU linayeza akuluakulu pafupifupi 29,000, ena ku Eriya 25 mumzinda wa Lilongwe, ena kumidzi ya ku Karonga. Mwa anthu 100 alionse amene anapezeka ndi bipi, 58 sankadziwa kuti ali nayo. Mwa 100 alionse amene anapezeka ndi shuga, 41 sankadziwa. Awa si anthu okana mankhwala kapena osamvera malangizo, ndi anthu amene palibe anawauzapo kuti ali ndi matendawa. Uthenga wonena za kuchepetsa mchere ndi mafuta umawadutsa, chifukwa aliyense amauona ngati wa mnansi wake wodwala uja, osati wake.

Ndiye chifukwa chake ndikuti ana a sekondale ndiwo oyenera kumva nkhaniyi. M'nyumba zambiri za ku Kasungu mwana wa Folomu 3 kapena 4 ndiye amawerengera makolo uthenga wa pafoni, ndiye amatumidwa kukagula mchere ndi shuga, nthawi zambiri ndiye amaphika ndiwo, ndipo ndiye amaperekeza agogo kuchipatala. Kabuku ka kuchipatala kamakhala m'chikwama kapena pansi pa matilesi, kodzaza ndi manambala amene mwini wake sanawafotokozeredwe chifukwa mzere unali wautali. Mwana amene amatha kupeza x pa masamu sangalephere kuona kuti 168 ndi wamkulu kuposa 140.

Mtsikanayu anafotokoza mmene zinayendera kwa amayi ake, ndipo mbiri yake ndi yofunika kuitsata bwino chifukwa ndi ya anthu ambiri. Amayiwo ali ndi zaka 46. Anapita kuchipatala ndi chifuwa, namwino anawayeza bipi n'kupeza 168/102. Sanawapatse mankhwala a bipi tsiku lomwelo, anawauza kuti abwerenso. Kumeneku sikunali kuwanyalanyaza. Munthu amene wangotsika pa kabaza, wathamangira mzere, mtima uli m'mwamba poopa jakisoni, manambala ake amakwera ngakhale alibe matenda. Kuyeza koyenera kumafuna kuti munthu akhale pampando mphindi zisanu, msana utatsamira, mapazi onse ali pansi osapingasa miyendo, mkono uli patebulo molingana ndi mtima. Asakhale atamwa tiyi kapena khofi kapena kusuta fodya m'mphindi 30 zapitazo, asakhale ndi mkodzo, ndipo asalankhule makina akamapopa. Lamba wa makinawo amangidwe pamkono weniweni, osati pamwamba pa juzi. Lambayo akakhala wamng'ono pamkono waukulu, manambala amatuluka okwera kuposa mmene alili. Ndipo ndi bwino kuyeza kawiri, motalikitsa mphindi imodzi kapena ziwiri.

Atabwereranso, atayezedwa modekha chotero, anapezeka ndi 160/98. Apa ndiye panalibenso chikaiko. Anawalembera mankhwala a bipi otchedwa HCT, kapilitsi ka mamiligalamu 25 kakumwa m'mawa uliwonse. Mwezi utatha manambala anatsikira pa 138/86, amayi anakondwa, mapilitsi atatha sanapitenso. Anati achira. Patapita miyezi ingapo mwana wawoyu, akufufuza za nkhani yake ya m'kalasi, anatsegula kabuku kaja n'kuona kuti tsiku lobwerera linadutsa kalekale. Anawachonderera kuti akayezetsenso, ndipo manambala anali atabwerera kumene anayambira.

Pamenepa ndi pamene anthu ambiri timawataya. Mankhwala a bipi sachiza ngati a malungo amene umamwa masiku atatu n'kuiwala. Amagwira matendawa tsiku limene wamwa, ukasiya mphamvu ija imakweranso mwakachetechete. Manambala abwino pa munthu amene akumwa mankhwala amatanthauza kuti mankhwalawo akugwira ntchito, osati kuti matenda atha. Dziko lathu linaphunzira kale phunziro limeneli pa ma ARV. Lero ngakhale mwana amadziwa kuti munthu sasiya ma ARV chifukwa wanenepa. Nzeru yomweyo sitinaisamutsire ku bipi ndi shuga, ndipo ana a sukulu akhoza kuisamutsa msanga kuposa zikwangwani za m'mbali mwa msewu.

Pali zifukwa zinanso zimene anthu amasiyira, zimene mwana wodziwa angathandize. HCT amakodzetsa, makamaka masiku oyamba, n'chifukwa chake amamwedwa m'mawa osati usiku. Amulodipini, amene amawonjezedwa bipi ikakana kutsika ndi mankhwala amodzi, amatupitsa akakolo kwa ena. Enalapulo amayambitsa kachifuwa kouma kosatha kwa ena, ndipo mayi woyembekezera sayenera kumwa. Zonsezi zili ndi njira yake, adokotala amasintha mtundu kapena mlingo. Koma munthu amene sanauzidwe amangoti mankhwala sakundiyanja, n'kuwataya, n'kupita kukagula botolo la zitsamba pamsika limene akuti limachiza bipi, shuga ndi nyamakazi pamodzi. Wogulitsayo alibe makina oyezera ngati zatsikadi.

Shuga nayo ili ndi manambala ake. Amabaya chala n'kudontheza magazi pa kapepala kolowetsa m'kamakina. Munthu akayezedwa m'mawa asanadye, atakhala maola 8 osadya, nambala ya 126 mg/dL kapena kuposa imaloza matenda a shuga. Makina ena amalemba mwa mtundu wina, ndipo pa amenewo malire ndi 7.0 mmol/L. Kuchoka pa nambala yaikuluyo kupita pa yaing'ono timagawa ndi 18, choncho wa 126 ndi wa 7.0 ndi munthu mmodzi. Ndikutchula izi chifukwa banja likhoza kusokonezeka kuona 180 pa tsamba lina ndi 10 pa tsamba lina, n'kuganiza kuti shuga yatsika kwambiri pamene ili pomwepo. Akayezedwa nthawi ina iliyonse atadya kale, malire ndi 200 mg/dL, kapena kuti 11.1 mmol/L, pa munthu amene ali ndi zizindikiro. Zizindikirozo ndi ludzu losatha, kudzuka kangapo usiku kukataya madzi, kuwonda ngakhale akudya, kuona mwachimbuuzi, dzanzi kumapazi ndi zilonda zosapola. Mtundu wa shuga umene ukuchuluka mwa akuluakulu umatha kukhala zaka wosaonetsa chilichonse mwa izi.

Mtsikanayu anachita bwino kukumbutsa anzake kuti pali mtundu winanso umene umagwira ana ndi achinyamata, ngakhale owonda, pamene thupi lasiyiratu kupanga insulini, imene imatsitsa shuga m'magazi. Umenewo subwera chifukwa chodya maswiti, ndipo mankhwala ake ndi jakisoni wa tsiku ndi tsiku. Mnzawo wa m'kalasi amene akuwonda mofulumira, akupempha kutuluka pafupipafupi ndipo botolo la madzi silichoka m'manja, ayenera kuyezedwa sabata yomweyo, osati kunenedwa miseche.

Tsopano pamene ndikusiyana naye. Mutu umene anapatsidwa unali wa matauni, ndipo iye ananena kuti agogo akumudzi alibe vutoli chifukwa amalima ndipo amadya zachilengedwe. Pa shuga ndi kunenepa akunena zoona ndithu. Kafukufuku wa MEIRU uja anapeza kuti amayi 44 pa 100 alionse a ku Eriya 25 anali olemera mopitirira muyezo, poyerekeza ndi 27 a kumidzi ya ku Karonga, ndipo kwa abambo anali 18 m'tauni ndi 9 kumudzi. Shuga inapezeka mwa anthu atatu pa 100 m'tauni ndi awiri kumudzi. Chifukwa chake sichovuta kuchiona pa boma pano. Ulendo umene kale tinkayenda wapansi lero ndi wa njinga yamoto. Wogulitsa m'hokala amakhala pampando kuyambira m'mawa mpaka madzulo, nkhomaliro yake ndi chipisi cha pachiwaya ndi botolo la zoziziritsa kukhosi, limene la mamililita 300 limakhala ndi shuga wokwana timasupuni ta tiyi pafupifupi 8. Ufa woyera walanda malo a mgaiwa, ndipo kunenepa timakuyamikirabe ngati chizindikiro chakuti zinthu zikuyenda.

Koma pa bipi kafukufuku yemweyo sanapeze kusiyana kwakukulu. M'tauni ndi kumudzi komwe, anthu pakati pa 13 ndi 16 pa 100 alionse anali nayo. Agogo aamuna owonda amene amalima fodya ku Chinkhoma akhoza kukhala ndi 180/100 chimodzimodzi ndi abwana a pa ofesi. Msinkhu, mtundu wa kubanja, mchere, mowa ndi impso zofooka sizifunsa kumene munthu amakhala. Tikamati bipi ndi matenda a m'tauni kapena a anthu olemera, tikuuza wakumudzi ndi wosauka kuti asadzivute kukayezetsa, pamene iye ndiye ali kutali kwambiri ndi makina. Ana ambiri a m'kalasi muja pa holide amapita kumudzi. Ndikanakonda akanapita ndi funso lomwelo kwa agogo awo: munayezetsa liti?

Pa zakudya, chinthu chimodzi chimene mtsikanayu anaphunzitsa anzake ndachikonda kuposa zonse chifukwa chimatheka m'nyumba iliyonse, yolemera kapena yosauka. Bungwe Loona za Umoyo Padziko Lonse limalangiza kuti munthu wamkulu asapitirire magalamu 5 a mchere patsiku, amene ndi pafupifupi kasupuni kamodzi ka tiyi. Palibe amene amayeza mchere ndi sikelo pophika, timangotapa ndi zala. Koma paketi imawerengeka. Kwawo ali anthu 6. Aliyense akadya magalamu 5, nyumba yonse imadya magalamu 30 patsiku, ndipo paketi ya magalamu 500 iyenera kutha masiku 16 kapena 17. Iye analemba tsiku limene anatsegula paketi, ndipo inatha pa sabata imodzi. Tikagawa 500 ndi masiku 7, kenako ndi anthu 6, tikupeza magalamu pafupifupi 12 pa munthu, kuposa kawiri muyezo uja. Ndipo apa sitinawerengere mchere umene umabwera kale mu buledi, m'nsomba zouma zothira mchere, m'tizokometsera ta m'mapaketi a nyama ya soya, ngakhalenso soda amene timathira m'therere ndi m'masamba, amene ali ndi sodiyamu yemweyo amene amakweza bipi mumchere. Kunena zoona, paketi ija iyenera kupitirira masiku 17.

Njira yake si kusiya mchere lero ndi lero, banja lingakane ndiwo. Wophika achepetse pang'onopang'ono, ndipo kambale ka mchere kachoke pamkeka podyera. Lilime limazolowera pa masabata ochepa. Tomato, anyezi ndi nsinjiro, zimene ku Kasungu ndi ku Mchinji sitisowa, zimakometsa nkhwani ndi bonongwe popanda kudalira mchere wambiri. Mchere umene watsalawo ukhalebe wa ayodini. Ndipo tisanamizane: kwa munthu wa 160/98, kuchepetsa mchere kumathandiza mankhwala kugwira bwino ntchito, koma sikulowa m'malo mwake.

Pali mawu ena otsutsa amene ndi olemera kuposa a makolo aja, ndipo sindingawanyalanyaze. Wina anganene kuti n'chiyani kutumiza anthu kukayezetsa pamene nthawi zina mankhwala amatha m'zipatala, mabatire a makina amatha, ndipo munthu amauzidwa kukagula kufamase ndi ndalama imene alibe? N'zoona, zimachitika, ndipo munthu amene wayenda ulendo wautali n'kubwerako chimanjamanja kawiri, kachitatu sapitanso. Unduna wa Zaumoyo ndi akuluakulu a zipatala za m'maboma ali ndi ngongole pamenepa. HCT, amulodipini ndi metifomini wa odwala shuga ndi ena mwa mankhwala otsika mtengo kwambiri amene alipo, ndipo kuwasowa n'kodula kuposa kuwagula, chifukwa munthu mmodzi wakufa ziwalo amachotsa anthu awiri pantchito, iye ndi womusamalira. Kawirikawiri womusamalirayo ndi mtsikana wa sukulu, ndipo ili ndi yankho langa kwa amene akuti nkhaniyi siikhudza ana.

Komabe kusowa kwa mankhwala si chifukwa chokhalira osadziwa. Amene akudziwa manambala ake amapita kukatenga mankhwala asanathe a m'nyumba, amafunsa ngati pali ena olowa m'malo, ndipo akagula yekha amagula oyenera ndi mlingo woyenera chifukwa zalembedwa m'kabuku. Amadziwanso nthawi imene sayenera kudikira tsiku la kiliniki. Manambala akafika 180/110 kapena kuposa, makamaka limodzi ndi mutu waukulu, kusaona bwino, kupweteka pachifuwa kapena kubanika, ndi za tsiku lomwelo. Pakamwa pakapindika, mkono ukalefuka, mawu akayamba kukokeka, munthu anyamulidwe kupita kuchipatala nthawi yomweyo, osayamba kumumwetsa madzi kapena phala chifukwa akhoza kutsamwa. Ndipo wodwala shuga amene wamwa gilibenikilamaidi kapena wabaya insulini koma osadya, akayamba kunjenjemera, kutuluka thukuta ndi kusokonezeka, ndiye kuti shuga yatsikitsa. Ngati akutha kumeza apatsidwe madzi a shuga msanga kenako chakudya, ngati wakomoka asamwetsedwe kanthu, athamangire naye kuchipatala.

Pempho langa likupita kwa aphunzitsi a sayansi ya zamoyo m'masekondale a kuno. Ophunzira a Folomu 3 ndi 4 amajambula mtima ndi zipinda zake zinayi, amaloweza mayina a mitsempha, koma ambiri amamaliza sukulu asanaonepo makina oyezera bipi akugwira ntchito. Pemphani namwino kapena mlangizi wa zaumoyo wa pafupi abwere ndi makina tsiku limodzi, aonetse kakhalidwe koyenera poyezetsa, ayeze aphunzitsi amene avomera, ana awerenge okha manambalawo ndi kunena tanthauzo lake. Homuweki yake ikhale iwiri: kulemba tsiku limene paketi ya mchere yatsegulidwa kunyumba ndi tsiku limene yatha, komanso kupempha mwaulemu wamkulu mmodzi wa m'banja, amayi, abambo, amalume kapena agogo, kuti akayezetse bipi ndi shuga teremu isanathe.